Mawu oika pansi pa chithunzi cha tsiku la Ulimbitso wa mwana wathu

Mayi Nambewe: Moni nonse abale ndi alongo. Lamulungu lapitali mwana wathu wamkazi, Monika, amene ali ndi zaka 14, analandira sakramenti la Ulimbitso ku Parishi ya Ludzi, ndipo Misa itatha tinajambulitsa chithunzi panja pa tchalitchi. Pakati pa chithunzicho pali mwanayo atavala zoyera, pambali pake pali mayi amene anamuimirira, kenako ine ndi bambo ake. Pa mpando wa kutsogolo pakhala apongozi anga, amene ndi a mpingo wa CCAP ndipo anachokera ku Santhe, ndipo kumbuyo kwaima Bambo Mfumu, Anyakwawa a mudzi wathu, alongo anga amene ndi malume a mwanayo, amayi a mphakati wathu, komanso anansi athu achisilamu amene anatinyamula pa galimoto yawo. Ndikufuna kuika chithunzichi pa Facebook ndi kutumizira abale, koma mawu amene mng'ono wanga wandilembera sakundikhutiritsa, ngakhale sindikutha kuloza pamene pakhota. Iye walemba kuti: "Mulungu si munthu, adani achite manyazi! Tonse tinali pa gome la Ambuye pamodzi ndi Ambuye Episkopi. Agogo ake aamuna akanakhalapo akanasangalala, mzimu wawo uuse mumtendere." Ndikupempha kuti mundithandize kupeza mawu aulemu, koma oti wowerenga amve kuti linali tsiku la chimwemwe.

Mayi Naphiri: Tikuthokoza Mulungu chifukwa cha mwanayo, Mayi Nambewe. Pa mwambo wotere ine ndimayamba ndi kupereka ulemu kwa mafumu, kenako akulu a mpingo, kenako aphunzitsi amene anaphunzitsa anawo, ndipo ndimamaliza ndi kulangiza mwanayo kuti asataye chikhulupiriro akadzapita ku sekondale. Musaiwalenso kuthokoza amayi amene anaphika, chifukwa iwo kawirikawiri amadya anthu onse atabalalika. Mukalankhula mphindi zisanu zokha zikwanira.

Mayi Nambewe: Zikomo kwambiri Mayi Naphiri, koma phwando linatha kale ndipo zolankhula zinalankhulidwa tsiku lomwelo. Chimene ndikufuna tsopano ndi mizere yochepa yolemba pansi pa chithunzi. Komabe mwandikumbutsa za amayi ophika, pakuti ena mwa iwo ali m'chithunzimo.

Bambo Zulu: Mayi Nambewe, ndinaphunzitsapo ana a Ulimbitso kwa zaka zambiri, choncho ndiyambe ndi zimene zili zosaona m'mawu a mng'ono wanuyo, chifukwa ulemu woyamba wa mawu a pansi pa chithunzi ndi wakuti asanamizire munthu aliyense amene nkhope yake ikuoneka. Chiganizo chakuti nonse munali pa gome la Ambuye, kwa Mkatolika aliyense, chikutanthauza kuti nonse munalandira Ukaristia. Apongozi anu a CCAP sanalandire, pakuti pa Misa amene amalandira ndi Akatolika okonzeka, ndipo anansi anu achisilamu nawonso sanalandire. Mukalemba motero, akulu a mpingo wa ku Santhe angawerenge kuti mayi wawo anakadya mgonero kwa Akatolika, ndipo mayiyo ndiye adzayankhe mafunso amene inu simudzawamva n'komwe.

Chachiwiri ndi nkhani ya Ambuye Episkopi. Mwatiuza kuti amene waima kumbuyo ndi Bambo Mfumu. Munthu amene sadziwa nkhope zawo akawerenga kuti "pamodzi ndi Ambuye Episkopi" adzayang'ana wovala mkanjo m'chithunzimo n'kuganiza kuti ndi iwowo. Ngati Episkopi ndiwo anatsogolera Misa, mukhoza kunena zimenezo, koma m'chiganizo chake chosiyana ndi chimene chikutchula anthu ooneka m'chithunzi. Ndipo mufunse bwino kuti anali ndani, chifukwa kuyambira 2011 Lilongwe ndi arkidayosizi, kotero amene anabwera akhoza kukhala Arkiepiskopi, episkopi wothandiza, kapenanso wansembe amene anapatsidwa chilolezo cholimbitsa ana m'malo mwawo. Kukweza munthu udindo umene alibe kumachititsa manyazi mwini wakeyo kuposa kusamutchula konse.

Mayi Nankhoma: Ine ndine wa Chigwirizano kuno ku Kasungu, ndipo ndikugwirizana ndi Bambo Zulu pa nkhani ya gome, chifukwa kwathu nkhani ya mgonero si yoseweretsa. Koma ndikuona kuti vuto lalikulu ndi lakuti mawuwo sakunena chimene chinachitika. Ine ndikanalemba momveka kuti mwana wathu wabatizidwa ndipo tsopano ndi Mkhristu wodya mgonero, popeza Ulimbitso ndi chimodzimodzi ndi zimene timachita ife ana akamaliza kalasi. Mukatero abale a mipingo yonse amva mosavuta.

Bambo Zulu: Mayi Nankhoma, mwalasa pamene mwanena kuti mawuwo sakutchula mwambo, ndipo ndibwereranso pamenepo. Koma pa kufananitsako ndiloleni ndikonze pang'ono. Kwa inu, mwana akamaliza kalasi ndi pamene amayamba kudya mgonero, ndipo amene sanabatizidwe ali khanda amabatizidwa nthawi yomweyo. Kwa ife, mwana ngati Monika kawirikawiri amakhala atabatizidwa ali khanda, analandira kale Ukaristia woyamba zaka zingapo zapitazo, ndipo Ulimbitso umabwera pambuyo pake, pamene Episkopi amamusanjika manja ndi kumudzoza pa mphumi ndi mafuta a Krisima kuti alandire mphatso za Mzimu Woyera. Choncho kulemba kuti wabatizidwa kapena kuti wayamba kulandira n'kulakwitsa kawiri, ndipo ubatizo sitiubwereza. Mawu oyenera ndi omwewo amene Mayi Nambewe anayamba nawo, akuti walandira sakramenti la Ulimbitso. Wa mpingo wina amene sakudziwa adzafunsa, ndipo kufunsako n'kwabwino kusiyana ndi kumva zolakwika.

Mayi Nankhoma: Ndamva, ndipo sindinkadziwa kuti kwa inu kulandira kumayamba mwana asanalimbitsidwe. Komabe ndikuumirira kuti pakhale kachiganizo kamodzi kothandiza ife a kunja, kotchula Mzimu Woyera, chifukwa achibale a bambo a mwanayo ku Santhe mawu akuti sakramenti okha sawauza zambiri.

Yamikani: Makolo anga, ine ndimajambula zithunzi pa maukwati, pa zinkhoswe ndi pa miyambo ya m'matchalitchi kuno ku Kamwendo, ndipo ndikufuna kunenapo za mzere womaliza uja wa malemu agogo. Anthu ambiri sawerenga mawu onse, makamaka pa foni yaing'ono pamene Facebook imadula mawu aatali n'kusiya `See more` kuti munthu adine. Amaona chithunzi, diso limagwa pa mawu awiri kapena atatu, kenako amalemba ndemanga. Tsopano taganizirani chimene chikuoneka: gulu la anthu panja pa tchalitchi, wansembe, mfumu ya mudzi, amayi ovala zitenje zofanana, gogo atakhala pa mpando. Munthu akaona zimenezo limodzi ndi mawu akuti "mzimu wawo uuse mumtendere" amaganiza za maliro kapena za kudalitsa chiliza. Ndinaonapo chithunzi cha ubatizo wa khanda chimene pansi pake panadzaza mawu opepesa, chifukwa makolo anatchula malemu m'mzere woyamba, ndipo wopepesa mmodzi atayamba ena onse anangotsatira. Chizindikiro choti mawu anu akhota chimaoneka pa ndemanga zoyambirira: zikabwera za "pepani" kapena zofunsa kuti kwagwanji, dziwani kuti mzere woyamba sunagwire ntchito yake. N'chifukwa chake ndimalangiza kuti mzere woyamba unene chimwemwe, mwambo ndi mwini tsikulo, zina zonse zibwere pambuyo.

Mayi Nambewe: Achimwene Yamikani, zimenezi sindinaziganizire, ndipo zandiopsa ndithu, chifukwa abale athu ena ali ku Chipata ndi ku Joni, ndipo akanatha kuimba foni usiku akuganiza kuti apongozi anga atisiya. Koma kuwachotseratu malemu kukundivuta. Iwo ndiwo ankamuperekeza mwanayu ku maphunziro a katekisimu pa njinga, ndipo chaka sichinathe chitisiyireni. Apongozi anga akaona kuti amuna awo sanatchulidwe, kodi sadzamva ngati tawaiwala msanga?

Che Saidi: Mayi Nambewe, ine ndine Msilamu, ndipo ndikufuna kulankhulapo m'malo mwa anansi anu aja, ngakhale sindikuwadziwa. Ife timapita ku miyambo ya anzathu achikhristu chifukwa cha chinansi, monga iwonso amabwera kudzadya nafe mpunga pa tsiku la Idi, ndipo palibe chovuta kuoneka pa chithunzi. Chimene chimavuta ndi mawu amene amatilowetsa m'pemphero limene sitinapemphere. Chaka china mlongo wanga anajambulidwa pa ukwati wa mnzake wa ku ntchito, ndipo pansi pake panalembedwa kuti onse m'chithunzimo ndi banja limodzi mwa Khristu. Wolembayo anali ndi mtima wabwino, koma mlongo wangayo anavutika kufotokozera akuluakulu a kwathu. Mukalemba kuti anansi anu anabwera kudzasangalala nanu, kapena kuti anakuperekezani, mwanena zoona ndipo mwawalemekeza. Sindikuonanso chifukwa cholembera kuti ndi achisilamu, chifukwa zimakhala ngati mukuwaonetsa monga chinthu chodabwitsa, pamene iwo anangochita za chinansi. Ndipo muwafunse kaye, makamaka mayi wa m'banjamo, ngati akulola kuti chithunzi chawo chionedwe ndi anthu onse.

Za adani zija ndiye chotsani msanga. M'chithunzi muli Anyakwawa ndi anthu a m'mudzi, ndipo aliyense wa m'mudzimo amene sanajambulidwe nawo adzayamba kudzifunsa ngati mdaniyo ndi iye. Mwana walandira dalitso, palibe amene wagonja pa mlandu.

Mayi Naphiri: Tsopano ndamva chimene chikufunika, pepani chifukwa cha poyamba paja. Ngati ndi choncho, ine ndikuti muike ndime ya m'Baibulo basi, chifukwa Mawu a Mulungu sangakhumudwitse munthu. Yoswa 24:15 ndi yabwino kwambiri pa chithunzi cha banja, paja amati koma ine ndi a m'nyumba yanga tidzatumikira Yehova.

Bambo Zulu: Ndime ndi yabwino, Mayi Naphiri, koma nayonso imafuna kusankha, ndipo siyenera kulowa m'malo mwa kufotokoza. Chithunzi chokhala ndi ndime yokha, pakapita zaka khumi, palibe amene adzadziwe ngati unali Ulimbitso, Khirisimasi kapena tsiku la masika. Ndime ya Yoswayo ili ndi zovuta ziwiri pa chithunzi ichi. Yoswa ankalankhula mawuwo pouza anthu kuti asankhe amene adzamutumikira, ndipo ukaiika pansi pa anthu a zipembedzo zitatu imamveka ngati nyumba imodzi ikudzipatula kwa ena amene aima nayo. Kenako pali dzina la Mulungu. Buku Lopatulika, limene linatuluka mu 1922 ndipo apongozi anu ayenera kuti anakulira, limalemba kuti Yehova, pamene Buku Loyera la 1998, limene Akatolika ndi mipingo ina anamasulira limodzi, limalemba kuti Chauta. Mukasankha limodzi, mwaonetsa buku limene mwatsegula, ndipo si tchimo ayi, koma pa chithunzi chimene chikufuna kusonkhanitsa mbali ziwiri za banja ine ndikanazemba.

Ndikanatenga Masalimo 133:1, imene imanena za kukoma ndi kukondweretsa kwa abale akakhala pamodzi. Ndime imeneyo ilibe dzina la Yehova kapena Chauta, imanena chimene diso likuona m'chithunzimo, ndipo sindikuganiza kuti Che Saidi angakhumudwe kuima pansi pa mawu otero. Muone kokha kuti m'mabuku ena akale achikatolika salimo lomweli ndi la nambala 132, choncho wina akadzakuuzani kuti mwalakwitsa nambala musadabwe. Ngati mukufuna ndime yokhudza Ulimbitso weniweniwo, ilipo ya Machitidwe 8:14-17, pamene Petulo ndi Yohane anasanjika manja pa anthu a ku Samariya amene anali atabatizidwa kale, ndipo analandira Mzimu Woyera. Koma imeneyo ndi yoyenera pa chithunzi cha mwana yekha ndi Episkopi, osati pa cha gulu. Ndipo muikope kuchokera m'buku, osati pamtima, chifukwa ndime zoloweza zimasakanizika mawu a mabuku awiriwa.

Che Saidi: Ndime yonena za abale kukhala pamodzi ine sindingaikane, Bambo Zulu, malinga ikhale kumapeto ngati mawu a banjalo, osati ngati mawu amene tonse tanena.

Mayi Nambewe: Ndayesa kulembanso motsatira zimene mwanenazi, ndipo ndikupempha muone ngati ndayandikira: "Chimwemwe chadzaza m'banja mwathu! Mwana wathu Monika walandira sakramenti la Ulimbitso Lamulungu lapitali ku Mchinji. Tikuthokoza Bambo Mfumu, Anyakwawa, malume ake, agogo ake, amayi a mphakati, anansi ndi onse amene anabwera. Tikusangalala kwambiri, tikuthokoza kwambiri, Mulungu ndi wabwino kwambiri!"

Yamikani: Mzere woyamba tsopano uli bwino, Mayi, palibe amene angaganize za maliro. Koma mawu akuti "Lamulungu lapitali" amakalamba pakatha sabata imodzi, ndipo Facebook ikadzakukumbutsani chithunzichi chaka chamawa adzakhala opanda tanthauzo. Lembani tsiku, mwezi ndi chaka m'manambala. Komanso "ku Mchinji" n'kotakata, chifukwa m'boma muno muli maparishi angapo, monga Guilleme, Kachebere, Kapiri, Mkanda ndi Ludzi yomweyo, ndipo tsiku limodzi kukhoza kukhala miyambo m'malo awiri.

Chinanso ndi cha mwanayo. Kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo wa zaka 14 wokongola atavala zoyera ndi amene anthu osadziwika amayamba kumufunafuna. Dzina loyamba likwanira. Musalembe dzina la bambo ake, sukulu imene amaphunzira kapena mudzi wanu, ndipo mukatchula Anyakwawa musatchule dzina la ufumu wawo, chifukwa dzina la nyakwawa ndi dzina la mudzi lomwelo. Poika chithunzicho sankhani `Friends` m'malo mwa `Public`. Muyang'anenso m'mbali mwa chithunzi, chifukwa pa tsiku la Ulimbitso ana ovala zoyera amakhala ambirimbiri ndipo ena amalowa m'chithunzi cha eni mosadziwa. Ana a eni amenewo muwadule, pokhapokha makolo awo atavomera. Monika mwini wake mumuonetsenso chithunzicho ndi mawuwo musanaike, chifukwa anzake a ku sukulu adzaziona, ndipo pa msinkhu umenewo mwana amachita manyazi ndi zinthu zimene ife akulu sitiziona.

Mayi Nankhoma: Apa Yamikani mwadzitsutsa pang'ono. Mukuti atchule parishi ndi tsiku kuti zidziwike bwino, kenako mukuti abise mudzi kuti mwana asapezeke. Nanga parishi si malo amene mwanayo amapezeka Lamulungu lililonse?

Yamikani: Funso lanu n'lomveka, Mayi Nankhoma. Parishi imodzi imakhala ndi matchalitchi a nthambi ambiri ndi midzi yochuluka, ndipo ana a nthambi zonsezo amasonkhana pamodzi pa Ulimbitso, choncho dzina la parishi silifikitsa munthu pakhomo monga limachitira dzina la mudzi kapena la sukulu. Koma ndikuvomereza kuti chithunzi chikakhala choonedwa ndi aliyense, ngakhale parishiyo ndi bwino kuisiya. Ine ndimauza makasitomala anga kuti alembe mawu atatu osiyana. A pa `Status` ya WhatsApp, imene imazimiririka pakatha maola 24, akhale mzere umodzi wokha. A pa Facebook akhale mizere inayi kapena isanu, yotchula anthu ndi maudindo awo popanda mayina. Ndipo chithunzicho muchitsukitse, kuseri kwake mulembe mayina onse athunthu kuyambira kumanzere kupita kumanja, mzere wa kutsogolo kenako wa kumbuyo, pamodzi ndi mudzi ndi tsiku, chifukwa chimenecho chimakhala m'nyumba ndipo ndi chimene zidzukulu za Monika zidzawerenge.

Bambo Zulu: Ine ndikufuna kukhalitsa pa mzere womaliza wa Mayi Nambewe, umene uli ndi "kwambiri" katatu. Ndikumva chimene mukufuna, mukuopa kuti ulemu wachuluka ndipo chimwemwe chazirala, ndiye mukuthira mawu okuza. Koma mawu amenewo akhoza kuikidwa pansi pa chithunzi chilichonse, cha ukwati, cha galimoto yatsopano kapena cha mwana wokhoza mayeso, n'chifukwa chake wowerenga samva kanthu. Chimwemwe chimamveka pamene mwatchula chinthu chimodzi chenicheni chimene chinachitika tsikulo, chimene chithunzi sichingathe kunena chokha. Mwatiuza kale kuti apongozi anu, a mpingo wina, anayenda kuchokera ku Santhe kudzaona mdzukulu wawo. Kodi palibe china chotere? Ndani analulutira koyamba mwana akutuluka m'tchalitchi? Amayi a mphakati anachita chiyani? Sankhani chimodzi, osati zonse, ndipo chikhale choti mwini wakeyo akachiwerenga amwetulire, osati choti anthu amuseke.

Mayi Nambewe: Mwandikumbutsa, Bambo Zulu. Ana atayamba kutuluka, amayi a mphakati wathu anayala zitenje pansi kuti Monika apondepo, ndipo amene anayambitsa nthungululu ndi apongozi anga omwewo, mayi amene nthawi zonse amakhala ofatsa moti sitinawamvepo akukweza mawu. Anthu onse anatembenuka, ndipo Bambo Mfumu anaseka.

Bambo Zulu: Basi, chimwemwe chanu ndi chimenecho, ndipo chikugwira ntchito ziwiri, chifukwa chikulemekezanso gogoyo pamaso pa abale ake popanda kunena kuti analowa nawo m'masakramenti athu. Za kuseka kwa Bambo Mfumu ndi za kufatsa kwa gogo muzisiye, zingamveke ngati mukuwaseka. Pa za malemu, maganizo anga ndi akuti musawaike m'mawu a chithunzichi. Mukhoza kulemba payekha tsiku lina, ndi chithunzi chawo, kuti njinga yawo ndi imene inamufikitsa mwanayu pa tsikuli, kapenanso kuwaperekera Misa. Tsiku ili mwini wake ndi Monika.

Mayi Nankhoma: Apa ndiye sindikugwirizana nanu, Bambo Zulu. Mayi amene analulutirayo ndi wamasiye amene chaka sichinathe, ndipo mukamuonetsa kwa anthu akululutira popanda liwu lililonse lokumbukira amuna ake, alipo achibale a malemuwo amene adzanena kuti waiwala msanga. Inu abambo zimenezi simuzimva, koma ife timazimva ku chitsime ndi ku maliro. Vuto limene Yamikani ananena linali la mawu a maliro, osati la kukumbukira. Mayi Nambewe akhoza kulemba chakumapeto kuti akukumbukira mothokoza agogo aamuna amene ankaperekeza mwanayo ku katekisimu, osaikapo za kuusa mumtendere. Koposa zonse, amufunse gogoyo ngati akufuna kuti nthungululu yake ilembedwe.

Bambo Zulu: Za kumufunsa gogoyo mwanena zoona, ndipo mbali imeneyo mukuidziwa bwino kuposa ine. Za malemu ndikadali pa maganizo anga, chifukwa ndikudziwa kuti ngakhale mutalemba mofatsa chotani, theka la ndemanga lidzatembenukira kwa iwo.

Mayi Naphiri: Ine chimene chikundidetsa nkhawa ndi ndondomeko ya anthu. Mayi Nambewe mwaika malume patsogolo pa agogo a kuchimuna. Kwa ife Achewa zili bwino, malume ndiye mwini mbumba, koma ngati amuna anu ali a ku banja la Chingoni, monga ambiri a kwa Zulu ndi kwa Mlonyeni, a kwawo angaone ngati mwanayo mwamukokera kwanu. Komanso mayi amene anamuimirira mwana simunawatchule, chonsecho aima pambali pake penipeni.

Mayi Nambewe: Amuna anga ndi Mchewa wa ku Kasungu, Mayi Naphiri, choncho za mbumba sitikangana, koma ndikuona kuti gogo, chifukwa cha msinkhu ndi ulendo umene anayenda, ayenera kutsogola ndithu. Alongo anga ndiwaimbira kuti asadabwe. Za mayi womuimirira mwandithandiza kwambiri. Nanga pakati pa Bambo Mfumu ndi Anyakwawa ayambe ndani?

Che Saidi: Kwathu tikakhala pa mzikiti timayamba ndi Shehe, ndipo tikakhala pa bwalo la mudzi timayamba ndi mfumu. Ndikuganiza kuti mwini malo amene chithunzi chinajambulidwa ndiye ayambe.

Mayi Naphiri: Ine ndinaleredwa kuti mfumu ndiye mwini nthaka, ngakhale nthaka imene tchalitchi chamangidwapo, ndipo pa misonkhano yambiri ya mpingo wolankhula amayamba wapereka ulemu kwa mafumu. Sindikunena kuti Che Saidi alakwa, koma Anyakwawa ena amaziona zimenezi.

Yamikani: Njira imene olemba nyuzipepala amathawira mkangano umenewu ndi kutchula anthu monga aimira, n'kuyamba ndi mawu akuti "kuchokera kumanzere", chifukwa pamenepo aliyense amadziwa kuti ndondomekoyo ndi ya chithunzi, si ya ulemu. Koma kwa anthu oposa khumi mawuwo amatalika, ndipo amauma ngati kaundula. Pa chithunzi chanu mukhoza kutchula mzere wa kumbuyo wokha mwa njira imeneyo. Ndani waima kumanzere pa awiriwo?

Mayi Nambewe: Kumanzere kwaima Anyakwawa, kenako Bambo Mfumu, kenako alongo anga, choncho njira ya Yamikani ikukhutiritsa Mayi Naphiri popanda kutsutsa Che Saidi. Nawa mawu amene ndalemba tsopano, ndipo tsiku ndidzaliika m'manambala kumapeto kwa mzere woyamba:

"Tikusangalala ndi mwana wathu Monika, amene walandira sakramenti la Ulimbitso ndi mphatso za Mzimu Woyera ku Parishi ya Ludzi. Agogo ake anayenda kuchokera ku Santhe kudzaona tsikuli, ndipo nthungululu yoyamba inali yawo pamene amayi a mphakati ankamuyalira zitenje. Pambali pake pali mayi amene anamuimirira ndi ife makolo ake. Kumbuyo, kuchokera kumanzere, kuli Anyakwawa, Bambo Mfumu, malume ake, amayi a mphakati ndi anansi athu okondedwa amene anatiperekeza. Zikomo nonse chifukwa chosangalala nafe. Masalimo 133:1."

Mawu a ndimeyo ndiwakopera kuchokera m'buku madzulo ano. Za Ambuye Episkopi ndazisiya, popeza sali m'chithunzimo ndipo tili ndi china chimene anajambulidwa ndi ana onse.

Mayi Nankhoma: Awa ndi mawu oti ngakhale a kwathu awerenga n'kumva, ndipo ndathokoza kuti Mzimu Woyera watchulidwa. Koma ndikuona kuti malemu mwawasiya, kutanthauza kuti mwatsata Bambo Zulu.

Mayi Nambewe: Sindinatsate aliyense pakadali pano, Mayi Nankhoma. Apongozi anga alibe foni yoona zithunzi, choncho mawa ndiimbira mlamu wanga wa ku Santhe kuti awawerengere mawuwa kawiri, koyamba monga alili, kachiwiri ndi chiganizo chanu chokumbukira agogo aamuna chitaikidwa patsogolo pa mawu othokoza, ndipo chimene iwo asankhe ndi chimene ndiike. Anansi athu ndikawaonetsa chithunzicho ndikamachokera ku msika, ndipo Monika wanena kale kuti mawuwo awakonda koma akufuna chithunzi china chimene sanatsinzine. Achimwene Yamikani, kodi kudula ana awiri a eni amene ali kumanja kungatheke popanda kudulanso phewa la mayi wa mphakati amene waima kumapeto?

Yamikani: Munditumizire ine ndekha chithunzi choyambirira chimene chili m'foni ya amene anajambula, osati chimene chadutsa kale m'manja ambiri pa WhatsApp, chifukwa chimenecho chimakhala chitachepa mphamvu ndipo chikadulidwa nkhope zimafufuma. Ngati phewalo silingapulumuke, ndibisa nkhope za ana awiriwo m'malo mowadula, ndipo ndikutumizirani zonse ziwiri kuti musankhe musanapite kwa anansi anu.